Maganizo anga pa bilu ya ku hotela: mtengo umene tauzidwa pofika ukhale womwewo wolipira pochoka

Mkangano umene umabuka pa risepishoni ya hotela m'mawa wa tsiku lonyamuka kawirikawiri suchokera pa mtengo wa chipinda kapena wa chakudya, popeza mitengo imeneyi mlendo amakhala ataimva ndi kuivomera. Umachokera pa mizere itatu ya kumunsi kwa bilu, imene ndi sevisi chaji, levi ya zokopa alendo ndi msonkho wa VAT. Maganizo anga ndi akuti hotela iliyonse iyenera kuuza mlendo mtengo wathunthu, wophatikiza zonsezi, pa nthawi imene akusungitsa chipinda, ndiponso bilu iyenera kuonetsa poyera ndalama imene peresenti iliyonse yawerengedwerapo. Ndikunena izi chifukwa maperesenti omwewo, pa chipinda chomwecho ndi chakudya chomwecho, angathe kutulutsa mabilu osiyana malinga ndi ndondomeko imene wowerengayo watsata, ndipo mlendo wamba alibe njira yodziwira zimenezi ngati bilu siikulongosola.

Ndalama zitatuzi sizipita kumodzi. VAT ndi msonkho wa boma umene hotela imatolera m'malo mwa bungwe la MRA. Levi ya zokopa alendo, imene kuno ku Malawi ndi 1 peresenti, nayonso si ya mwini hotela, koma imapita ku boma kuti ithandize ntchito yotsatsa dziko lino kwa alendo. Sevisi chaji, imene mahotela amene amailipiritsa amakonda kuiika pa 10 peresenti, si msonkho konse: ndi ndalama imene cholinga chake ndi kuthokoza ogwira ntchito, kuyambira wokonza m'chipinda, wophika, woperekera zakudya mpaka wochapa zofunda amene mlendo samuona n'komwe.

Tiyeni titenge chitsanzo cha banja limene lapita kukagona ku nyanja ku Mangochi, kufika Lachisanu madzulo ndi kunyamuka Lamulungu m'mawa. Hotela imawerenga usiku osati masana, choncho apa pali usiku uwiri ngakhale banjalo lakhudza masiku atatu a pa kalendala. Tinene kuti chipinda ndi K150,000 usiku umodzi, kuphatikiza kadzutsa, ndiye kuti kugona kokha ndi K300,000. Madzulo onse awiri mwamuna ndi mkazi adya chambo ndi nsima pa K25,000 mbale imodzi, ndipo mbale zinayi zakwana K100,000. Banjali likamawerengera pa lokha likupeza K400,000, ndipo imeneyi ndiyo ndalama imene lakonzekera. Pa VAT ndigwiritsa ntchito 16.5 peresenti, mulingo umene unali pa mabilu a mu 2024. Aliyense aike mulingo umene walembedwa pa bilu yake, kawerengedwe kake sikasintha.

Njira yoyamba ndi yakuti peresenti iliyonse iwerengedwe pa K400,000 yomweyo. Sevisi chaji ikhala K40,000, levi ikhala K4,000, VAT ikhala K66,000, ndipo zonse pamodzi zikwana K510,000. Tisanapite patali, onani kuti banjali lalipira kale K110,000 pamwamba pa zimene linakonzekera, ndalama yoposa mtengo wa chakudya chonse chimene ladya masiku awiriwo. Apa palibe chinyengo chilichonse m'masamu, koma ngati wa pa risepishoni anangonena pa foni kuti chipinda ndi K150,000 osatchula zoonjezerazi, ndiye kuti anauza mlendo mtengo umene palibe munthu angagonere nawo m'chipindamo. Mtengo weniweni wa usiku umodzi unali K191,250.

Njira yachiwiri ndi yosanjikiza. Makina a hotela amayamba aonjezera sevisi chaji, n'kupeza K440,000. Kenako levi imawerengedwa pa K440,000 imeneyi, n'kukhala K4,400 m'malo mwa K4,000, ndipo zonse zikufika pa K444,400. Pomaliza VAT imawerengedwa pa K444,400, n'kukhala K73,326, ndipo bilu yonse ikwana K517,726. Maperesenti olembedwa pa pepala ndi omwe aja, 10, 1 ndi 16.5, koma bilu yakula ndi K7,726, chifukwa tsopano mlendo akulipira msonkho pa sevisi chaji ndiponso msonkho pa levi. Munthu akaphatikiza maperesentiwo m'mutu apeza 27.5, pamene zoonjezera zenizeni zadutsa 29 peresenti. Palinso njira ya pakati, yowerengera VAT pa chipinda, chakudya ndi sevisi chaji koma kusiya levi payokha, ndipo imeneyi imatulutsa K516,600.

Funso lakuti VAT iyenera kugwera pa ndalama iti ndi la malamulo a msonkho, ndipo woyenera kuliyankha ndi MRA pamodzi ndi wowerengera ndalama wa hotela, osati mtsikana wa pa risepishoni amene amangosindikiza zimene makina atulutsa. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi alendo amene amamukalipira pamaso pa anthu. Chimene ndikudandaula nacho ndi bilu imene imangolemba dzina la msonkho ndi ndalama yake popanda kuonetsa kuti yachokera pa chiyani. Komabe mlendo angathe kudzifufuzira yekha ndi kakyuleta ya pa foni: atenge ndalama ya VAT imene ili pa bilu, aigawe ndi 0.165 kapena mulingo umene ulipo, ndipo yankho limuuza ndalama imene msonkhowo wawerengedwerapo. Akagawa K66,000 apeza K400,000, ndipo akagawa K73,326 apeza K444,400. Levi ndiyosavuta kuposa apa, chifukwa 1 peresenti ya ndalama iliyonse imaoneka ndi maso: K4,000 ikutanthauza K400,000, pamene K4,400 ikuulula kuti sevisi chaji inalowa kale m'chiwerengerocho.

Koma cholakwika chimene chimadya ndalama zambiri si kusanjikiza kumeneku ayi. Ndi kulipiritsa kawiri pa chakudya, ndipo chimachitika mosavuta chifukwa malo odyera ndi risepishoni nthawi zambiri amakhala ndi makina osiyana. Mlendo akamaliza kudya, woperekera zakudya amabwera ndi kapepala, mlendo n'kulembapo nambala ya chipinda ndi kusaina, kapepalako n'kupita ku risepishoni kukaikidwa pa bilu ya chipindacho. Ngati pansi pa menyu panalembedwa kuti mitengo ikuphatikiza VAT, ndiye kuti K100,000 ya chambo ija ili kale ndi msonkho m'kati mwake, ndipo mtengo wa chakudyacho popanda msonkho ndi K85,837, umene timaupeza pogawa K100,000 ndi 1.165. Sevisi chaji pa ndalama imeneyi ndi K8,584, levi ndi K858, kotero chakudya chonse chiyenera kukwana K109,442. Koma ngati wa pa risepishoni alowetsa K100,000 ngati kuti ilibe msonkho, makina aikanso maperesenti onse atatu ndipo chakudyacho chikwana K127,500. Banjali lataya K18,058, yoposa kuwirikiza kawiri kusiyana kwa njira ziwiri zija, ndipo pa bilu palibe mzere umene ukuoneka wachilendo.

Njira yokhayo yogwirira cholakwika chotere ndi kusunga timapepala ta kumalo odyera, kapena kutijambula ndi foni musanasaine, ndi kutiyerekeza ndi bilu ya pa risepishoni mzere ndi mzere. Ngati kapepala kakuonetsa kale VAT kapena sevisi chaji, ndalama imene ikuoneka pa bilu yaikulu iyenera kukhala ya chakudya chokha, kapena mzere wa chakudyawo usalowenso m'chiwerengero cha maperesenti a kumunsi. Ndimalangizanso kuti munthu apemphe bilu usiku asanagone, chifukwa m'mawa, galimoto ikudikira panja ndi alendo ena ali pamzere kumbuyo, ambiri amangolipira.

Pa sevisi chaji ndili ndi nkhawa ina, ndipo iyi ndiyo imandikhudza kwambiri. Pa K400,000 ya banja lija, levi ndi K4,000 yokha pamene sevisi chaji ndi K40,000, koma anthu ambiri amadandaula za levi chifukwa ili ndi dzina la boma, n'kusiya osafunsa za ndalama imene ndi yaikulu kakhumi. Mlendo akaona sevisi chaji pa bilu amaleka kupereka tipu m'manja mwa womutumikira, pokhulupirira kuti wathokoza kale. Ngati mwini hotela asunga ndalamayo, kapena ayamba kudulapo mtengo wa matambula osweka asanaigawe, ndiye kuti wantchito walandidwa kawiri, chifukwa wataya tipu imene akanalandira ndiponso sanalandire chimene chinatoleredwa m'dzina lake. Anzathu a ku Zambia anaiika nkhaniyi m'malamulo: kumeneko sevisi chaji ya 10 peresenti ndi yalamulo ndipo iyenera kuperekedwa kwa ogwira ntchito, pamene levi yawo ya zokopa alendo, imene inayamba mu 2017, ndi 1.5 peresenti. Amene amagona ku Chipata kapena ku Lusaka adziwe kuti mizere ya kumunsi kwa bilu kumeneko ili ndi miyezo yakeyake. Kuno kwathu ndikuona kuti hotela imene ikulipiritsa sevisi chaji iyenera kukhala yokonzeka kuyankha mlendo akafunsa kuti ndalamayo imagawidwa motani, ndipo ogwira ntchito ayenera kuona chiwerengero cha zimene zatoleredwa mwezi umenewo.

Eni mahotela ali ndi yankho lawo, ndipo sindilipeputsa. Amati akalemba K191,250 pamene mnzawo wa pafupi akulemba K150,000 pa chipinda chofanana, alendo onse athamangira kwa mnzawoyo. Amatinso makampani ndi mabungwe amene amachititsa misonkhano amafuna kuona mtengo wopanda VAT, popeza kampani yolembetsedwa pa msonkhowu imauwerengera padera m'mabuku ake. Chifukwa chachiwirichi n'chomveka, koma chimatha polemba mitengo yonse iwiri pa kotesheni, wopanda msonkho ndi wathunthu. Chifukwa choyamba chikungotsimikiza kuti hotela yoona mtima imalangidwa chifukwa cha kuona mtima kwake, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi singasiyidwe kuti hotela iliyonse idzisankhire. Bungwe la CFTC, limene limaona za chilungamo pa malonda ndi madandaulo a ogula, pamodzi ndi nthambi ya boma imene imapereka ziphaso kwa mahotela, angathe kulamula kuti mtengo uliwonse wolengezedwa kwa anthu, pa menyu, pa chikwangwani kapena pa intaneti, ukhale wathunthu, ndipo pamenepo palibe hotela ingaoneke yotchipa pongobisa mizere itatu ya kumunsi.

Podikira zimenezo, amene akusungitsa chipinda afunse kuti amulembere ndalama imodzi yokha imene adzatulutse pa usiku wonse umene agone, zonse zitaphatikizidwa, ndipo afunsenso ngati mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, chifukwa m'malo ena ogona a m'mbali mwa nyanja K150,000 yowerengedwa pa munthu mmodzi ingasandutse K300,000 ya kugona kwa banja lija kukhala K600,000 maperesenti asanayambe n'kuwerengedwa.