Musanachulukitse, yambani mwawerenga mizere

Mnzanga wanditumizira chithunzi cha tsamba la buku la masamu kuti tithandizane funso lochulukitsa mamatirikisi awiri, ndipo chandikumbutsa nkhani yomwe imandipweteka. Ambiri timalakwa funso lotere tisanayambe n'komwe kuwerengetsera, pokopera pomwe.

Ine ndimati choyamba kopera pamanja, kenako lemba kukula kwa matirikisi iliyonse pambali pake, mizere yopingasa poyamba, yotsika pambuyo. Patsambalo panali izi:

```
A = [1  2  0]    B = [2   1]
    [3 -1  4]        [0   5]
                     [1  -2]
```

A ndi 2×3, B ndi 3×2. Manambala am'kati, 3 ndi 3, akufanana, choncho AB ndi yotheka. Akunja akutiuza kuti yankho likhala 2×2. Mukapeza manambala asanu ndi anayi, ndiye kuti mwawerengetsera BA, yomwe ndi 3×3, ndipo ndi chinthu china.

Kuwerenga mizereku kumathandizanso pomwe chithunzi chasokoneza. Tsamba likapindika, timichira ta mabulaketi sitioneka, amangokhala ngati timizere tiwiri toongoka. Komatu mabulaketi amatanthauza matirikisi, pamene timizere toongoka timatanthauza ditaminanti, yomwe ndi nambala imodzi yokha. Mnzanga ankaganiza kuti akufunsidwa ditaminanti ya A. Sizingatheke. Ditaminanti imapezeka pokhapokha mizere yopingasa ndi yotsika ili yofanana kuchuluka, ndipo A ili ndi iwiri kwina, itatu kwina. N'chimodzimodzi kachilembo kakang'ono kolembedwa pamwamba pa dzina la matirikisi: ngati simukuona bwino kuti ndi T, yosandutsa mizere yopingasa kukhala yotsika, kapena -1, ya invesi yomwe imafunanso mizere yofanana kuchuluka, pa 2×3 kangakhale T basi.

Tsopano tichulukitse mzere wopingasa wachiwiri wa A ndi mzere wotsika wachiwiri wa B: 3×1 ndi 3, -1×5 ndi -5, 4×(-2) ndi -8, zonse pamodzi -10. Manambala ena atatu a AB akutuluka 2, 11 ndi 10. Ditaminanti ya AB ndi 2×(-10) kuchotsapo 11×10, yomwe ndi -130.

Apa ndiye pamene pamandidetsa nkhawa. Pachithunzi chija kuwala kunagwera ndendende pa mainasi ya -1, moti mnzanga anakopera 1. Pamalo a -10 anapeza 0, ditaminanti n'kukhala -110. Kukula kwa mamatirikisi kunali kolondola, njira yonse inali yolondola, ndipo palibe chinamuchenjeza. Kuwerenga mizere sikugwira mainasi yosowa, tisanamizane.

Chomwe chinandidzutsa ine ndi mpata. Pakati pa 3 ndi 1 panali danga lalikulu kuposa la pakati pa 1 ndi 2 pamzere wapamwamba, ngati pali chinthu chofufutika. Ndinamupempha ajambulenso, buku ataligoneka pansi bwinobwino, foni ili pamwamba penipeni, nyali ya foni atazimitsa. Mainasi ija inaoneka.