Mlandu umene sunautsegule usauike m'munsi mwa tsamba

Masiku apitawa mnyamata wina wa chaka chachiwiri cha zamalamulo anandipempha kuti ndimuonereko chimangirizo chake asanakapereke. Chinali chooneka bwino, mafutunoti 34 atandandalikidwa mwaudongo m'munsi mwa masamba. Nditamaliza kuwerenga ndinamufunsa funso limodzi lokha: mwa milandu yonse watchulayi, ndi ingati imene waitsegula n'kuiwerenga wekha? Anayamba wayang'ana pansi, kenako anati, "Achimwene, iwiri." Ina yonseyo anaitapa m'munsi mwa buku lophunzirira komanso m'manotsi amene akuyenda m'kalasi mwawo.

Maganizo anga ndi akuti kumeneku n'kuba ndithu, ngakhale kuti ambiri sakuona choncho. Tikamva za kuba ntchito ya wina timaganiza za munthu wokopera ndime yonse mawu ndi mawu. Koma wolemba buku uja anatha masiku akufufuza milandu, kuiwerenga, kusankha yoyenera ndi kusiya yosayenera. Ukatenga mndandanda wake n'kuuika pansi pa dzina lako, ukuuza wochonga kuti kufufuzako unachita ndiwe. Ndipo choopsa kuposa pamenepo, watengera limodzi zolakwa zake zonse osazidziwa.

Futunoti ndi lonjezo. Ukuuza wowerenga kuti, pitani pamalo akutiakuti, mukapeza zimene ndanenazi. Tiyeni tione lonjezoli pa mlandu umene wophunzira aliyense amakumana nawo, womwenso unali pamtima pa chimangirizo cha mnyamatayu:

Donoghue v Stevenson [1932] AC 562 (HL) 580 (Lord Atkin)

Chidutswa chilichonse apa chili ndi ntchito. Poyamba ndi mayina a mbali ziwiri za mlandu. AC ndi dzina lachidule la mabuku osindikizamo zigamulo za apilo, ndipo HL ikutiuza khoti limene linagamula, House of Lords, lomwe linali khoti lalikulu la apilo ku Britain nthawi imeneyo. Chaka chili m'mikutiro yangodya chifukwa popanda chakacho buku simungalipeze pashelefu, mabukuwo amasanjidwa potsata zaka. Mukaona mikutiro yozungulira, monga pa Rylands v Fletcher (1868) LR 3 HL 330, dziwani kuti nambala ya buku, 3 uja, ikukwanira kukufikitsani, chakacho n'chongokudziwitsani. Kusinthanitsa mikutiro imeneyi ndi chizindikiro choyamba chimene wochonga amaonera kuti wolemba sakudziwa chimene akulemba.

Koma chimene ndikufuna tikhalepo ndi manambala awiri aja, 562 ndi 580. Woyamba ndi tsamba limene mlandu ukuyambira. Wachiwiri ndi tsamba lenileni pamene pali mfundo imene ukuitchula. Mnyamata uja analemba 562 yekha paliponse, kasanu konse, pa mfundo zisanu zosiyana. Zili ngati kumuuza mlendo dzina la mzinda n'kumusiya kuti nyumba aisake yekha. Lipoti la mlanduwu ndi la masamba ochuluka ndithu, ndipo majaji asanu analankhula aliyense payekha.

Nkhani yake mukuidziwa. Mu 1928 ku Paisley, m'dziko la Scotland, Mayi Donoghue anamwa chakumwa cha jinja chimene mnzawo anawagulira. Botolo linali losaonekera mkati, ndipo iwo anati munatuluka nkhono yowola, kenako anadwala. Popeza sanagule okha, panalibe mgwirizano wa malonda pakati pa iwo ndi wogulitsa, nanji wopanga chakumwacho. Funso linali lakuti kodi wopangayo ali ndi udindo wosamala kwa munthu amene sanapangane naye chilichonse.

Pa tsamba 580 Lord Atkin, mmodzi mwa majaji asanu aja, akufotokoza mfundo yotakata ija ya mnansi: uyenera kusamala kuti usavulaze anthu amene zochita zako zimawakhudza pafupi kwambiri, moti unayenera kuwaganizira pochita zinthuzo. Koma pa tsamba 599 akunena mfundo yopapatiza, yokhudza wopanga katundu amene amamugulitsa mwa njira yoti akafike kwa womugwiritsa ntchito monga anachokera kufakitale, popanda mpata woti wina amuyendere pakati. Izi ndi mfundo ziwiri, ndipo akatswiri akhala akukambirana kwa zaka zambiri kuti pa ziwirizi imene inagamula mlandu ndi iti. Ngati chimangirizo chako chikunena za udindo wa fakitale, loza pa 599. Ngati chikunena za chiyambi cha udindo wosamala mwachisawawa, loza pa 580. Wolemba 562 basi waonetsa kuti kusiyana kumeneku sakukudziwa.

Ndiye panali ndime ina imene inandiimitsa mutu. Mnyamatayu analemba kuti khoti linachenjeza kuti kupereka udindo popanda mgwirizano kungatsegule khomo losatsekeka, mpaka womanga nyumba azizengedwa mlandu ndi aliyense. Mawuwo alimodi mu lipoti. Koma ndi maganizo a Lord Buckmaster, amene anatsutsana ndi anzake. Mlanduwu unagamulidwa ndi majaji atatu, Atkin, Thankerton ndi Macmillan, pamene awiri, Buckmaster ndi Tomlin, anakana. Mu lipoti, Buckmaster ndiye akuyamba kulankhula, choncho munthu wothamanga amene wangowerenga masamba oyambirira amatenga mawu a mbali yogonja n'kuwayesa chigamulo. Wina analakwitsa choncho m'manotsi, ndipo cholakwacho chinayenda dzanja ndi dzanja mpaka kufika m'chimangirizo ichi. N'chifukwa chake dzina la jaji limaikidwa kumapeto kwa futunoti, ndipo ngati anali wotsutsa uyenera kunena poyera. Kutchula maganizo a wotsutsa si kulakwa ayi, nthawi zina ndi amene amakhala ndi mfundo yakuthwa. Kulakwa n'kuwaveka chovala cha khoti lonse.

Pali kanthu kenanso kamene amangokaona ndi amene watsegula yekha. Ambiri amalemba kuti khoti linapeza kuti m'botolo munali nkhono. Silinapeze zimenezo. Majaji anangoyankha funso la lamulo, lakuti ngati zonenazo zili zoona, kodi pali mlandu woti uyankhidwe? Umboni wa nkhonoyo sunayesedwe m'khoti, nkhaniyo inathera kunja. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mwambiwu ukugwira ntchito yake yeniyeni.

Ndikudziwa chimene ena anene. Si mlandu uliwonse umene ungaupeze, makamaka yakalekale, ndipo nthawi imachepa. N'zoona. Koma njira yachilungamo ilipo ndipo ndi yapafupi. Lemba mlanduwo, kenako wonjezera kuti waupeza utatchulidwa m'buku lakutilakuti pa tsamba lakuti. M'Chingerezi amalemba kuti as cited in, n'kutsatiza bukulo. Palibe wochonga wanzeru amene angakulange chifukwa cha zimenezi pa mlandu umodzi kapena iwiri yovuta kupeza. Chimene chimachotsa chikhulupiriro ndi kunamizira kuti unawerenga.

Pa malamulo opangidwa ndi nyumba ya malamulo vuto lake ndi lina, ndi la nthawi. Kalembedwe kake n'kosavuta: dzina la lamulo, chaka, ndi gawo lenileni mpaka kagawo kake, monga Sale of Goods Act 1979, s 14(2) la ku Britain. Koma malamulo amasinthidwa dzina lili lomwelo. Gawo limeneli poyamba linkanena za katundu woyenera kugulitsidwa pamsika. Lamulo la 1994 linasintha mawuwo kuti akhale katundu wokhutiritsa, ndipo kuyambira 2015 malonda a pakati pa wabizinesi ndi wogula wamba anasamutsidwira ku Consumer Rights Act 2015. Ukatapa gawoli m'buku lakale, futunoti yako ioneka yolondola chilembo chilichonse, koma ukhala ukufotokoza lamulo limene kulibenso. Tsegula lamulo monga lilili lero. Ngati ukufuna mawu akalewo dala, nena kuti ndi monga linalili lisanasinthidwe. Milandu nayonso imafa chimodzimodzi. Anns v Merton wa 1977 unagwetsedwa ndi Murphy v Brentwood mu 1990, koma umapezekabe m'zimangirizo ngati wamoyo.

Tsopano za mawu a eni ake. Ukatenga mawu enieni, aike m'mitengero ndi kupereka tsamba. Futunoti payokha sikwanira, chifukwa imangouza wowerenga kuti ganizo ndi la wina, pamene mitengero ndiyo imanena kuti ngakhale mawuwo si ako. Apa ndi pamene ambiri amagwa mosadziwa. Amatenga chiganizo cha wolemba buku, kusintha mawu atatu kapena anayi, n'kuika nambala kumapeto. Mafupa a chiganizocho akadali a mwini wake. Wochonga amazindikira msanga, chifukwa kalembedwe kamasintha mwadzidzidzi: ndime ziwiri zoyenda movutikira, kenako imodzi yosalala ngati ya pulofesa, kenako kubwereranso. Amaonanso mafutunoti olembedwa mosiyanasiyana, ena ndi mipumiro pakati pa zilembo, ena opanda, kusonyeza kuti anachokera m'mabuku osiyana. Chimene chimandithandiza ine n'chakuti ndikawerenga ndime ndimatseka buku, n'kulemba zimene ndamva ngati ndikufotokozera mnzanga, kenako ndimatsegulanso kuti ndione ngati sindinapotoze. Futunoti ndimaikabe, popeza ganizolo si langa. Ndipo m'manotsi mwanga mawu aliwonse okopera ndimawaika m'mitengero nthawi yomweyo pamodzi ndi tsamba, chifukwa pakatha milungu iwiri sungakumbukenso kuti awa ndi anga, awa ndi a eni.

Za kalembedwe sindikhalitsapo. Kaya sukulu yanu imatsata OSCOLA, imene inachokera ku Oxford, kaya ili ndi yakeyake, tsatani imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chenjezo langa lili pa zidule zobwerezera. Ukalemba ibid ukutanthauza futunoti imene ili pamwamba pomwepo, ndipo (n 3) ikuloza futunoti yachitatu. Ukalowetsa ndime yatsopano pakati, manambala onse amasuntha, ndipo ibid uja amayamba kuloza buku lina. Zidulezi ziikeni pomaliza penipeni, zonse zitakhazikika, ndipo muziyendere imodziimodzi.

Mnyamata uja anali ndi masiku anayi. Tinagwirizana kuti achepetse milandu, atsale ndi imene angathe kuiwerenga. Anabweranso ndi mafutunoti 19, iliyonse ili ndi tsamba lake lenileni, iwiri yolembedwa kuti waipeza m'buku. Ndime ya Lord Buckmaster sanaichotse. Anailembanso ngati maganizo a wotsutsa, n'kuiyankha ndi mawu a Lord Atkin a pa 599, ndipo m'chimangirizo chonsecho ndime imeneyo ndi imene inatuluka yamphamvu kuposa zonse.