Amene mukukonzekera mayeso a pulogalamu, musamayesere rikeshoni pa fakitoriyo yokha

Ndimathandiza achinyamata angapo kuno ku Salima akabwera ku holide kuchokera ku makoleji, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chikundivutitsa mtima. Ukawafunsa ngati rikeshoni akuimvetsa, onse amavomera, ndipo umboni wawo ndi fakitoriyo: fankishoni imadziitana yokha, fakitoriyo ya 5 ndi 120, basi. Maganizo anga ndi akuti chitsanzo chimenechi chimanamiza ophunzira. Kuchulukitsa sikusamala kuti wayambira kuti. Uyambe ndi 5 kutsika, kapena ndi 1 kukwera, upeza 120 yemweyo. Ndiye munthu angathe kukhoza funsolo asakudziwa n'komwe kuti kompyuta imayamba kumaliza chiti. Pa mayeso akangobweretsa fankishoni yomwe dongosolo lake lili ndi ntchito, mamalikisi amapita.

Tengani iyi ya Python, muiyese papepala musanapitirize kuwerenga.

```python
def f(n):
    if n == 0:
        return 0
    print(n)
    x = f(n - 1)
    print(n, x)
    return 2 * x + n
```

Funso ndi lakuti `f(3)` isindikiza chiyani, ndipo ibweza chiyani?

Chofunika kugwira ndi ichi: fankishoni ikaitanidwa, kompyuta imaipatsa malo akeake m'memole, momwe mumakhala `n` wake, `x` wake, komanso mzere womwe idzayambirenso ikadzabwerera. Malo amenewa amasanjikizana pa sitaki ngati matumba a mpunga ku chigayo: lomwe laikidwa pomaliza ndi lomwe limayamba kutsitsidwa, ndipo lapansi silisuntha mpaka onse apamwamba atachoka. Choncho papepala lanu jambulani bokosi limodzi pa kuitana kulikonse. Musamafufute `n` n'kulemba wina pamalo omwewo, ndi pomwe ambiri amasokonekera.

Bokosi loyamba, pansi pa pepala, lembani `f(3)` ndi `n = 3`. 3 si 0, ndiye isindikiza 3. Yafika pa `x = f(n - 1)`. Apa `x` sanapeze kanthu, chifukwa mbali ya kumanja isanathe palibe choika mwa iye. Lembani `x = ?` ndipo ikani kachizindikiro kosonyeza kuti bokosi ili laima pa mzere umenewu, likudikira. Pamwamba pake jambulani `f(2)` ndi `n = 2`. Isindikiza 2, nayonso iima pa mzere womwewo. Pamwamba pake `f(1)`, isindikiza 1, iima. Pamwamba penipeni `f(0)`. Iyi yakumana ndi `n == 0`, pomwe ndi poimira kudziitana, ibweza 0 osasindikiza kalikonse. Mabokosi ndi anayi tsopano, atatu akudikira, ndipo m'mphepete mwa pepala mwalemba 3, 2, 1.

Ambiri amaika cholembera pansi pomwepa, poganiza kuti poimira pafikidwa ndiye zatha. Ayi ndithu. `return 0` yatseka bokosi limodzi lokha, la `f(0)`. Enawo akadali ndi mizere iwiri iwiri yoti amalize.

Dulani bokosi la `f(0)` ndi mzere, tengani 0 uja mukamuike pa `?` wa bokosi lomwe lili pansi pake. Muli mu `f(1)` tsopano. `n` muno ndi 1, monga analili nthawi yonseyi, palibe anamukhudza. Isindikiza `1 0`, ibweza 2 × 0 + 1, yomwe ndi 1. Dulani bokosilo, tsikirani mu `f(2)`. Muno `n` ndi 2, `x` walandira 1. Isindikiza `2 1`, ibweza 2 × 1 + 2, ndiye 4. Dulani, tsikirani mu `f(3)`: `n` ndi 3, `x` ndi 4. Isindikiza `3 4`, ibweza 2 × 4 + 3. Yankho ndi 11.

```
3
2
1
1 0
2 1
3 4
```

Chomwe ndimakondera fankishoni iyi n'chakuti yankho lolakwika limaulula lokha pomwe munthu wapotokera. Mtsikana wina anandibweretsera 17, ali ndi chikhulupiriro chonse. Nditayang'ana pepala lake ndinaona kuti analibe mabokosi, anali ndi mndandanda umodzi wa 3, 2, 1, ndipo pobwerera anauwerenganso kuyambira pa 3. Anapeza 2 × 0 + 3 ndi 3, kenako 2 × 3 + 2 ndi 8, kenako 2 × 8 + 1 ndi 17. Masamu ake analibe vuto. Anangoyamba kumaliza bokosi lapansi m'malo mwa lapamwamba. Pa fakitoriyo, kaganizidwe komweko kakanamupatsa yankho lolondola, ndipo akanalowa m'chipinda cha mayeso osadziwa kuti pali chomwe chikusowa.

Wina akapeza 0, kapena akalemba `0 0` katatu, ndiye kuti akuganiza kuti `n` ndi mmodzi, amene watsika mpaka 0 n'kukhala pomwepo. Iwalani zimenezo. `n - 1` sasintha `n`. Amangowerengera nambala yatsopano n'kuipereka kwa bokosi latsopano.

Musanapereke pepala, werengani mabokosi omwe munajambula ndi omwe mwadula. Ayenera kufanana, kuno anayi ndi anayi. Onaninso kuti palibe `?` yemwe watsala. Ngati watsala, pali mzere womwe simunauyendetse, ndipo nthawi zambiri umakhala wa `print`.

Aphunzitsi amakondanso kufunsa za poimira. Mu fankishoni yathuyi, sinthani `n - 1` akhale `n - 2`, muitanenso `f(3)`. Mabokosi akhala a 3, 1, -1, -3, kumangopitirira. 0 wadumphidwa, `n == 0` sidzakwaniritsidwa, palibe bokosi lomwe lidzadulidwe. Apa musajambule mpaka pepala kutha. Mabokosi atatu kapena anayi akwanira kuonetsa kuti manambala akuthawa poimira, kenako lembani zomwe zichitike. Python imaletsa sitaki kupitirira mabokosi pafupifupi 1000 ngati simunasinthe malirewo, ndipo imaimitsa pulogalamu ndi `RecursionError`. Java imapereka `StackOverflowError`. Chodabwitsa n'chakuti `f(4)` pa fankishoni yosinthidwayo iyenda bwinobwino, 4, 2, 0, choncho kuyesa nambala imodzi yokha sikutsimikiza kuti poimira pali bwino. Kulemba `n <= 0` kumatseka mpata umenewu.

Ena amati kujambula mabokosi kumadya nthawi ya mayeso. Sindikuvomereza. Mafunso otere amakhala ndi manambala ang'onoang'ono dala, 3 kapena 4, chifukwa wolemba mayeso akufuna kuona ngati ungatsate njirayo ndi dzanja. Mabokosi anayi ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ukaphonya nambala yomaliza, wochonga amaona kuti njira unaidziwa.

Kwa ife kuno, komwe si aliyense ali ndi laputopu ndipo magetsi amazima osatsanzika, mbali iyi ya phunziroli imatheka ndi kope ndi cholembera basi. Yambani papepala, mulembe zonse zomwe mukuyembekeza kuti zisindikizidwe, kenako mukapeza kompyuta kapena foni yokhala ndi Python muyendetse pulogalamuyo n'kufananitsa mzere ndi mzere. Mukamaliza iyi, sinthani mzere womaliza ukhale `return x - n`, muyambe ndi `f(4)`, mundiuze pansipa zomwe mwapeza.