Zachangu zidumphe mzere, koma zisadumphe kulembedwa

Aliyense amene amagwira shifiti yothandiza anthu pa zamakompyuta amawadziwa anthu olowera m'mbali. Wina amaimba foni yako ya m'manja, wina amatumiza uthenga pa WhatsApp, wina amangoima kumbuyo kwa mpando wako n'kunena kuti, "Tandionereni kaye aka, n'kakang'ono." Anzanga ena amati mankhwala ake n'kuwabweza onse kuti akatsegule tikiti, kutanthauza kulembetsa pempho lawo pakompyuta, ngati wina aliyense. Ine sindigwirizana nazo. Zinthu zina zimakhaladi zoyaka moto, ndipo kuuza munthu kuti akalembe fomu pamene ofesi yonse yaima ndi nkhanza chabe. Chimene ndimakana ine n'kugwira ntchito imene sinalembedwe paliponse.

Tiyerekeze kuti uli pakati pokonza tikiti ya munthu amene wadikira kuyambira m'mawa. Kenako akutulukira mayi wa ku akaunti kuti pulogalamu yolipirira malipiro ikukana kutseguka. Usanadzuke, ufunse zinthu zitatu. Vutoli lakhudza anthu angati? Kodi pali njira ina yogwirira ntchitoyo pakadali pano? Nanga tikadikira ola limodzi chionongeke n'chiyani? Akayankha kuti dipatimenti yonse yaima, njira ina palibe, ndipo fayilo iyenera kupita kubanki lero lomwe, imeneyo ndi P1, kutanthauza vuto loyenera kuyamba kukonzedwa pa onse, siya zonse. Koma akati ndi kompyuta yawo yokha, ya mnzawo woyandikana nawo ikugwira bwinobwino, ndiye kuti akhoza kubwereka imeneyo n'kudikira nthawi yawo. Munthu yemweyo, mawu omwewo akuti "n'zachangu", koma mayankho awiri osiyana. Kukwera kwa mawu kapena kukula kwa udindo wa wopemphayo sikulowa nawo m'masamu amenewa, ngakhale kuti abwana ambiri sakonda kumva zimenezi.

Ngati n'zoonadi kuti uyenera kusiya zimene umachita, pali masekondi ochepa amene anthu amawaumira, chonsecho ndi amene amapulumutsa shifiti. Lemba mzere umodzi mu tikiti imene ukuisiyayo: wafika pati, wayesa chiyani, chotsatira n'chiyani. Gloria Mark, wofufuza wa ku yunivesite ya California ku Irvine, amati munthu akadodometsedwa zimamutengera mphindi pafupifupi 23 kuti abwerere pa ntchito imene anaisiya. Kamzere kaja kamakuthandiza kuti pobwerera usayambirenso pachiyambi. Ukatero tsegula tikiti yatsopano iwe mwini m'dzina la wopemphayo, ngakhale mawu asanu okha, ndipo umuuze nambala yake.

Ena amati kumeneku n'kuchedwetsa zinthu. Koma taonani zimene zimachitika ntchito ikapanda kulembedwa. Pofika kumapeto kwa mwezi malipoti amaonetsa kuti unatseka matikiti ochepa, pamene theka la tsiku umathera pa zopempha za m'mbali, ndiye akuluakulu amaona ngati anthu alipo okwanira. Vuto lobwerezabwereza silionekanso, chifukwa aliyense amalikonza payekha mwakachetechete. Choipitsitsa n'chakuti anthu amaphunzira kuti njira yachidule ndi kukupeza iweyo, ndipo amene amatsata dongosolo ndi amene amalangidwa ndi kudikira.

Pali pempho limodzi limene changu chake chiyenera kukuchititsa mantha: "Ndasokoneza pasiwedi, ndili pa msonkhano, ndisinthireni pompano." Akuba amadziwa kuti munthu wopanikizidwa amaiwala kutsimikizira amene akulankhula naye. Mu 2023 kampani ya mahotela ya MGM Resorts ku America inasokonezeka kwa masiku angapo, ndipo malipoti ankati akubawo analowa poimbira foni ogwira ntchito yothandiza anthu n'kunamizira kuti ndi wantchito mnzawo. Choncho pa za pasiwedi, kupereka chilolezo cholowera penapake, kapena kusintha nambala yolandirira makodi, palibe kudumpha ndondomeko. Dula foniyo, umuimbirenso pa nambala imene ili m'kaundula wa antchito, osati imene wakupatsa yekha.

Ngati pa shifiti muli awiri kapena kuposerapo, sankhani mmodzi kuti tsikulo akhale wolandira zadzidzidzi zonse, ndipo asamapatsidwe matikiti ofuna kuganiza kwa nthawi yaitali. Mawa asinthane ndi wina, chifukwa mpando umenewu umatopetsa. Enawo akafikiridwa amangoloza kwa iye mwaulemu. Ukakhala wekha, mawu amene amandithandiza ndi awa: "Ndamva, ndalemba, nambala yake ndi iyi, ndibwera ndikangomaliza ichi." Anthu ambiri akamva kuti nkhani yawo yalembedwa ndipo auzidwa nthawi, amabwerera ku mpando wawo.

Poweruka, yang'ananso mauthenga a pafoni yako. Lonjezo lililonse limene unapereka pakhonde lilowe m'lipoti losiyira wa shifiti yotsatira, chifukwa iye WhatsApp yako saiona, ndipo mayi wa ku akaunti uja akabweranso usiku adzafunsa iyeyo.