Simunadzole kanthu, mukusukanji kawiri?

Ndakwiya ndi mng'ono wanga. Dzulo wabwera nkhope ikutuwa, m'mbali mwa mphuno mukusupuka, akuti akadzola loshoni kumaso kukumuwotcha. Kumufunsa, akuti anagula mafuta osambira kumaso aja ndipo akusamba kawiri, mafuta kenako sopo wa thovu, m'mawa ndi madzulo omwe. Munthu woti sadzola mekapu, sanisikirini yoteteza khungu ku dzuwa ija sayidziwa n'komwe! Ndiye iwe ukuchotsa chiyani? Akuti anaona ena akutero. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Mafuta amenewa ali ndi ntchito imodzi basi: kusungunula zinthu zamafuta zimene mwapaka zomwe madzi sangazithe. Faundeshoni yokhala tsiku lonse, masikara osachoka ndi misozi, sanisikirini yolemera yosachoka ndi thukuta, makamaka ija yosiya kuyera pakhungu. Ngati mwadzola zimenezi, ee, sambani kawiri, koma madzulo okha. M'mawa mwadzuka ndi mekapu yanji?

Ndipo ambiri amene akufunikadi mafutawa akulakwitsa kasambidwe. Amayamba anyowetsa nkhope. Ayi! Manja ouma, nkhope youma, pakani mafuta n'kumasisita pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi mpaka mekapu isungunuke. Kenako donthezani timadzi pang'ono, muona mafuta aja ayera ngati mkaka. Pamenepo ndiye kuti akumasuka pakhungu, tsukuluzani ndi madzi ofunda, osati otentha. Mukatero m'pamene mutenge sopo wa kumaso wofatsa kuchotsa zotsalira. Mukafuna kudziwa ngati zachokadi, pititsani thonje loyera m'malire a tsitsi ndi kunsi kwa chibwano, chifukwa n'komwe faundeshoni imabisala.

Koma wosadzola kanthu, kapena wongodzola kaloshoni kopepuka, kusamba kamodzi n'kokwanira. Ndabwerezanso, kamodzi. Khungu lili ndi mafuta akeake amene amatsekera madzi m'kati, ndiye mukamalisuka kanayi pa tsiku mukukokolola amenewo. Nkhope ikamakokana mukangopukuta, ngati yachepa, musanyadire kuti yayera. Mwaikalula. Ikayamba kuyabwa ndi kuwotcha mukadzola zomwe munkadzola bwinobwino kale, ndiye kuti mwapitirira malire. Mng'ono wangayo ndamulanda botololo, ndamuuza asambe kamodzi madzulo, m'mawa madzi okha, adzole loshoni yopanda fungo mpaka khungu libwerere.

Kunjaku kulinso ena amene angomva kuti mafuta, basi atenga a kokonati n'kupaka kumaso. Amenewo sayera ngati mkaka mukathira madzi, amangokakamira, ndipo kwa anthu a ziphuphu amatha kutseka timabowo ta pakhungu. Kenako muzikhula ndi sopo wochapira zovala kuti achoke, nkhope ngati ndi kolala ya malaya!