Bambo akati "sindikufuna kanthu", yang'anani zimene zawathera m'manja

Mukawafunsa bambo kuti tikugulireni chiyani, yankho lake mukulidziwa kale: "Musavutike ana inu, ine zonse ndili nazo." Ambiri a iwo sakunama. Anazolowera kudziika pamapeto pa mndandanda wa zofunika pakhomo, moti chinthu chawo chikatha amangochimanga ndi kawaya n'kupitiriza, ndipo m'maganizo mwawo chikadali chabwinobwino. Maganizo anga ndi akuti kufunsako tikusiye. Mphatso imene bambo otere amaigwiritsadi ntchito ndi chinthu chomwe amachigwira kale tsiku ndi tsiku, koma chatha kapena chayamba kuwavutitsa.

Zinthu zachilendo kwa iwo zimathera mu kabati. Mukawagulira kachipangizo kofuna kuti aphunzire mabatani khumi, athokoza ndi mtima wonse, kenako akabwezera m'bokosi mwake. Chovala chodula kwambiri amachisungira "tsiku lalikulu" limene silifika. Ndiye mukakhala nawo, tcherani maso pa zimene amagwira kuyambira podzuka mpaka pogona: lamba amene aboola bowo lina ndi msomali, chikwama cha ndalama chong'ambika m'mphepete, foni yosakhalitsa moto, nsapato yodyeka chidendene mbali imodzi. Mukatero masiku awiri kapena atatu, chosowa chioneka chokha.

Titenge chitsanzo chimodzi chomwe chimapezeka kwa abambo ambiri, magalasi owerengera. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi, ndipo vutoli limakulirakulira mpaka cha m'ma 60. Chizindikiro chake sichibisika. Bambo amatambasula mkono kuti foni kapena nyuzipepala ikhale patali, amasunthira pawindo kufuna kuwala, kapena amakupatsani botolo la mankhwala kuti "tawerenga apa, alemba ting'onoting'ono". Ena magalasi ali nawo, koma ndi a zaka zambiri zapitazo, okalikakalika, mwendo umodzi womata ndi tepi.

Ngati ali nawo kale ogula okonzeratu, ntchito yachepa. Yang'anani mkati mwa timiyendo tokolowekera m'makutu. Nthawi zambiri pamalembedwa nambala yoyamba ndi chizindikiro chophatikizira, monga +1.50 kapena +2.00. Imeneyo ndiyo mphamvu ya magalasiwo. Ijambuleni pa foni, ndipo muyeze ndi rula kutalika kwa chimango kuchoka mbali ina kufika mbali ina, chifukwa chimango chopapatiza chimafinya m'mbali mwa mutu, chotakasuka chimatsetsereka pamphuno. Kenako muwaone akuwerenga atavala akalewo. Ngati pepala lili pa masentimita 35 kapena 40 kuchokera kumaso ndipo sakutsinzinira, nambalayo ikadali yabwino, gulani yomweyo. Ngati atavala akutambasulabe mkono, magalasi achepa mphamvu. Tinene kuti akalewo ndi +1.50: otsatira ake ndi +1.75 ndi +2.00, chifukwa mphamvuzi zimakwera ndi 0.25. Pamenepa ndi bwino ayese onse awiri, n'kutenga ofooka mwa amene akuonera bwino.

Cholakwika chofala n'kuganiza kuti nambala yaikulu ndiye yabwino. Magalasi amphamvu mopitirira amakakamiza munthu kuyandikiza pepala pafupi ndi mphuno, ndipo akawerenga kwa kanthawi maso amalema, mutu n'kuyamba kuwawa. Bambo sadzadandaula poopa kukukhumudwitsani. Mudzangoona abwerera ku a tepi aja. Koma akanena kuti zakutali zikuoneka mbuu akavala, musadabwe, magalasi owerengera amatero ndithu, ndipo si oyendera kapena oyendetsera galimoto.

Pali malire ake. Okonzeratu aja ali ndi mphamvu yofanana mbali zonse ziwiri, pamene anthu ambiri maso awo ndi osiyana. Ngati bambo amatseka diso limodzi powerenga, ngati akale aja anachita kuwalembera atayezedwa, ngati ali ndi matenda a shuga, kapena ngati ndi zakutali zomwe sakuziona bwino, musagule chilichonse mongoganiza. Zikatero mphatso ikhale kuwatenga kukayezetsa maso. Mulipiriretu, musankhe tsiku, mupite nawo limodzi, ndipo akale aja muwanyamule popeza woyeza maso amatha kuyeza mphamvu yake pa makina. Kumeneko n'kumene ng'ala kapena kuthamanga kwa madzi a m'diso kumapezeka kusanafike poipa. Ine ndimaona kuti mphatso iyi imaposa zinthu zambiri zokulunga m'pepala, ngakhale siioneka bwino pa chithunzi. Kuwatumizira ndalama n'kuwauza kuti "mukayezetse" sikuthandiza. Ndalamayo ikathera pa vuto la munthu wina pakhomo, tonse tikudziwa.

Pa maonekedwe, musawasinthe nkhope. Ngati akale anali a chimango chakuda chokhuthala, atsopano akhale ofananako. Zimene mungawonjezere ndi zosaoneka: timahinji ta sipuling'i tomwe sitithyoka msanga, kabokosi kolimba kosungiramo, ndi kansalu kopukutira, chifukwa kupukuta ndi malaya pali fumbi n'kumene kumakala magalasi. Ngati thumba likulola, gulani awiri ofanana, ena akhale pomwe amawerengera, ena aziyenda nawo.

Njira yomweyi imagwira pa zina zija. Nsapato, nambala yake ili pa lilime kapena pansi, koma opanga amasiyana, ndiye yezani kutalika kwa mkati mwa imene amaikonda kwambiri m'masentimita. Lamba, yezani kuchokera pomwe pathera chitsulo chomangira kufika pa bowo limene lakutha kwambiri, ndipo pa watsopanoyo muyeso umenewo ugwere pa bowo lapakati. Foni yosakhalitsa moto, ngati zina zonse zili bwino, kusintha batire kumaposa kugula yatsopano imene adzayambe kufunsa adzukulu pomwe pali manambala awo.

Kaperekedwe nakonso kangathe kuononga mphatso yabwino. Chotsani mtengo, chifukwa akauona ayamba kuwerengera zina zimene ndalamayo ikanachita, koma risiti muisunge nokha kuti mukathe kusintha ngati sizinakwane. Chotsaninso mapulasitiki ndi timapepala tonse, chinthucho chifike chili chokonzeka kugwira ntchito, apo ayi chikasungidwa. Musanene kuti "akale aja akutichititsa manyazi". Bambo amene wasamala chinthu zaka khumi amanyadira zimenezo, ndipo mukachinyoza achikakamira kuposa kale. Ndi bwino kungoti, "Bambo, ndinaona kuti awa atopa, tayesani awa muone ngati akukukwanani." Apatseni nyuzipepala kapena botolo la mankhwala lija awerenge pomwepo inu mukuona, kuti ngati pali vuto mulidziwe nthawi yosintha isanathe.

Chakalecho musatole n'kukataya. Ndi chawo, adzachisiya okha chatsopano chikawakomera. Pakatha milungu iwiri, musafunse ngati anaikonda mphatso, popeza yankho likhala "kwambiri" zivute zitani. Onani magalasi amene ali m'thumba la malaya awo. Akakhala a tepi aja, ndiye kuti nambala kapena chimango sichinakwane, tengani risiti ija mupite nawo limodzi akasankhe okha.