Chilango chokha sichimuletsa wakuba wa kasanu

"Munthu ngati waba kasanu basi aphwanyidwe ndi zaka zambiri kundende, alawe zowawa zomwe anawachita anzake." Mwatero mu nkhani yanuyo, koma pamenepa mwasakaniza zifukwa ziwiri zomwe sizimagwirizana.

Mukati alawe zowawa, mukunena zobwezera, kuti chilango chifanane ndi kukula kwa mlandu. Ndiye taganizani, munthu uja nthawi zonse amaba sopo mmodzi mushopu, kasanu konse. Pa muyeso wobwezera sopo ndi sopo basi, kachisanu kaja mutha kuonjezerako pang'ono poti anachenjezedwa kale koma osamva, koma zaka khumi ayi ndithu, pamenepo chilango chaposa mlandu kutalitali.

Zaka zambirizo zimachokera ku ganizo linalo, loopseza, loti iyeyo ndi ena aope. Koma apa ndiye povuta, chifukwa munthu woti walangidwa kanayi nkubwereranso wakuonetsani kale kuti kuopseza sikukumugwira, mwina ndi njala, mwina mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo potola sopo uja sawerengera zaka, amangoyang'ana ngati gadi wacheukira kwina. Ndi zomwe Beccaria, katswiri wa za malamulo wa ku Italy, ananena kalekale mu 1764, kuti chimaletsa anthu ndi kudziwa kuti agwidwa ndithu, osati kukula kwa chilango.

Ndiye sankhani chimodzi abwana. Ngati cholinga chanu nkungomuchotsa pakati pa anthu kuti eni mashopu apumeko, nenani choncho, chimenecho ndi chifukwa china chachitatu, ndipo kumudyetsa kundende zaka zonsezo ndi misonkho yathu yomwe.